Bokosi limodzi la matimati, masitetasi atatu

Foni yanga imalira nthawi ya 05:40, ndipo sindifunika kuyang'ana kuti ndione amene akuimba. Ndi amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi anga, ali ku Soweto Market pakati pa phokoso la mawilibala ndi malole. Sapereka moni. Amangoti, "Bokosi firii handiredi, olimba, lemba," n'kudula, chifukwa kwa iwo mphindi iliyonse ya pa foni ndi ndalama. Kwa miyezi isanu ndi itatu ntchito yanga yoyamba ya tsiku inali imeneyo: kusandutsa mawu ochepawo kukhala sitetasi ya pa WhatsApp, n'kuwatumizira kuti akopere ndi kuika pa foni yawo ali m'minibasi yobwerera ku Mtendere, komwe ali ndi thebulo la matimati ndi anyezi.

Zinayamba pamene mwana wawo wamkazi anawasiyira foni yake yakale. Tsiku lina Lamlungu titatha kudya anaiika patsogolo panga nati, "Mwananga, iwe umalankhula pa wailesi. Anzanga akugulitsa salaula pa foni. Ndilembereko na ine." Ndinavomera mwamsangamsanga, mwinanso monyada pang'ono. Ndimadzipereka pa wailesi ya m'dera kwa zaka zingapo, ndalembapo zilengezo za maliro, za sukulu ya mkaka, za ng'ombe yotayika. Matimati ndinaona ngati nkhani ya mphindi zisanu.

Sitetasi yanga yoyamba ndikali nayo, ndipo ndimaiwerenga ndikafuna kudzichepetsa. Inati: "Moni moni okondedwa makasitomala athu onse kulikonse kumene muli! Kodi mwatopa ndi ndiwo zosakoma? Musadandaulenso! Tabwera ndi matimati apamwamba zedi ochokera ku munda, pamodzi ndi anyezi wonunkhira, pa mtengo woti aliyense angakwanitse. Fulumirani, musatsale!" Kumapeto ndinaikako timitima ndi timoto.

Madzulo tinatsegula kachizindikiro ka diso pansi pa sitetasi kuti tione amene aiona. Anali anthu 11. Mwa iwo munali ine, ana awo awiri, abusa, ndi abale a ku Katete amene sangakwere basi kudzagula mulu wa K10. Palibe tomato ngakhale mmodzi amene anagulidwa chifukwa cha mawu anga.

Vuto loyamba silinali m'mawu. Ambiri a ife timaika masitetasi tsiku lililonse koma timaiwala kuti sitetasi si wailesi. Wailesi imalowa m'nyumba iliyonse imene yatsegula. Sitetasi imaoneka kwa munthu amene inu mwasunga nambala yake, iyenso wasunga yanu. Mbali imodzi ikasowa, palibe chimene aone. Amayi aang'ono anali ndi makasitomala ambiri amene amawadziwa nkhope, ana awo, ngakhale ndiwo zimene amuna awo amakana, koma m'foni munalibe nambala zawo. Tinali kulengeza m'chipinda chotseka.

Choncho ntchito yeniyeni ya sabata zoyamba inachitika ndi chikatoni ndi peni yaikulu. Tinalemba nambala yawo pa chikatoni, pansi pake n'kulemba kuti: "Sungani nambala iyi, munditumizire moni, mudzaona mtengo m'mawa uliwonse." Mawu oti "munditumizire moni" ndi amene anali ofunika, chifukwa moniyo akafika ndi pomwe ifenso tinkapeza nambala ya kasitomala ndi kuisunga. Amayi ankasunga maina mwa njira yawo: "Wa nsomba", "Nesi wa magalasi", "Lesitilanti pakona". Amene ankasunga nambala pomwepo pa thebulo ankalandira tomato mmodzi wa mbasela. Patatha mwezi ndi theka oona anafika cha m'ma 80, ndipo ambiri anali anthu okhala pa mtunda woyenda ndi miyendo. Anthu 80 a ku Mtendere ndi Kalingalinga amaposa anthu 500 obalalika dziko lonse, ngati chimene ukugulitsa chimavunda pa masiku atatu.

Vuto lachiwiri ndiye linali langa. Ndinawawerengera sitetasi yanga mokweza, ndi liwu la pa wailesi, ndikuyembekezera kuti aseka. Anangondiyang'ana. "Manje mtengo uli kuti?" Ndinati ndalemba kuti mtengo woti aliyense angakwanitse. Anati, "Munthu akabwera pa thebulo amafunsa kuti ni zingati. Ndikamuyankha kuti ungakwanitse, apita kwa mnzanga."

Chimene chinandichititsa manyazi n'chakuti ku wailesi lamulo limeneli timalidziwa. Chilengezo cha maliro chimene sichitchula nyumba ndi nthawi ya mwambo n'chopanda ntchito, ngakhale chitalembedwa mokoma bwanji. Ndinangoganiza kuti malonda amafuna zokometsera. Kuyambira pomwepo sitetasi iliyonse inkayankha zimene mayi wofuna kuphika amafunsa asanavale chitenje: pali chiyani, ndi zingati, mulu uli ndi angati, ndipo mukhalapo mpaka nthawi yanji. Malo tinkawatchula ndi chizindikiro chimene anthu amaona ndi maso, osati nambala ya thebulo imene palibe amene amaidziwa: mzere wachiwiri kuchokera pa geti, pafupi ndi ogulitsa malasha.

Tinasankhanso mawu okha, osati zithunzi. Anthu ambiri amadabwa ndikanena izi. Kamera ya foni ija inali ndi mng'alu, ndipo pa 06:00 pansi pa malata a marikete matimati ankaoneka ngati mbatata. Komanso chithunzi chimadya bando, ndipo netiweki ikafooka chimangozungulira osatseguka, munthu n'kudumpha. Sitetasi ya mawu imatseguka nthawi yomweyo. WhatsApp imalola zilembo mpaka 700, koma mukachulukitsa mawu zilembo zimachepa kukula, ndipo makasitomala ambiri a amayi ndi azimayi amene amatalikitsa foni kuti awerenge. Tinkaima pa mizere inayi kapena isanu. Mtundu wa kumbuyo tinkasankha wofiirira tsiku lililonse, kuti munthu akamadutsa masitetasi a mavesi ndi a mpira adziwe asanawerenge kuti awa ndi amayi a matimati.

Zinayamba kuyenda. Kenaka ulesi wanga unatilowetsa m'mavuto.

Kudzuka 05:40 tsiku lililonse kunanditopetsa, makamaka masiku amene ndinali ndi pulogalamu ya usiku. Ndinaganiza zochita monga timachitira ku wailesi tikajambuliratu mapulogalamu a sabata yonse. Lamlungu lina ndinakhala pansi n'kulemba masitetasi asanu ndi limodzi, Lolemba mpaka Loweruka, iliyonse ndi kanthabwala kake, n'kuwatumizira onse pamodzi kuti azingokopera. Onse ankayamba ndi mawu amodzimodzi: "Afika lero kuchokera ku Soweto, olimba!" Onse anali ndi mtengo umodzi, anayi K10.

Chimene sindinafunse n'chakuti kodi amayi amapita ku Soweto kangati. Sapita tsiku lililonse. Amaoda bokosi limodzi, n'kuligulitsa masiku awiri kapena atatu, likatha ndi pomwe amapitanso. Ine ndinkangomva foni m'mawa n'kumaganiza kuti nthawi zonse ali ku Soweto, osadziwa kuti masiku ena ankaimba ali kale pa thebulo.

Lachitatu la sabata imeneyo linali tsiku lachitatu la bokosi. Kunali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija lotentha malata mpaka kulira. Matimati anali atafewa, ena atayamba kutuluka madzi pamwamba pomwe panali phesi. Amayi anakopera sitetasi ya Lachitatu osaiwerenga bwino, poti ankandikhulupirira. Mayi wa kalesitilanti ka pakona, amene anali atangoyamba kugula kwa ife milu isanu ndi umodzi tsiku lililonse, anawerenga kuti afika lero, olimba. Tsiku limenelo anali ndi oda ya chakudya cha pa msonkhano, ndipo ankafuna matimati odula mu saladi. Sanapite ku Soweto monga anakonzera. Anatuma mtsikana wake cha m'ma 10:00 ndi K100. Mtsikanayo anafika, anagwira tomato mmodzi, chala chinalowa.

Mayi uja anabwera yekha. Sanakuwe. Anaonetsa amayi foni yake nati, "Amake mwana, ichi mwalemba ndimwe?" Ogulitsa a m'mbali onse anamva. Anapita kukagula kwina mothamanga pa mtengo wokwera, ndipo kwa milungu itatu sanaonekenso, ngakhale pa mndandanda wa oona sitetasi.

Madzulo amenewo amayi sanandikalipire, ndipo zikanakhala bwino akanatero. Anandiuza kuti Loweruka ndidzuke 04:00 tipite limodzi.

Amene simunafikepo ku Soweto m'bandakucha, kumeneko ndi kumene mtengo wa ndiwo za Lusaka umapangidwa. Alimi amabwera usiku ndi mabokosi a matabwa, ndipo ambiri sagulitsa okha, amagulitsira kudzera kwa maejenti amene amadya gawo lawo pa bokosi lililonse. Mtengo sulembedwa paliponse. Malole akachuluka umagwa, akachepa umakwera, ndipo ukhoza kusintha pakati pa 05:00 ndi 08:00. Nyengo ya mvula matimati amavuta kulima chifukwa cha matenda a masamba ndi misewu yoipa, ndiye kawirikawiri bokosi limadula. Alimi ambiri akakolola nthawi imodzi, mabokosi amadzaza mpaka ena kutayidwa. Munthu amene walemba mtengo wa Lachinayi ali pa mpando Lamlungu akungolota.

Ndinaona mmene amayi amasankhira bokosi. Sayang'ana pamwamba, poti pamwamba aliyense amaika okongola. Amalowetsa dzanja m'mbali mpaka pakati, amasuzumira m'mipata ya matabwa a pansi ngati muli madzi, amanunkhiza. Amatembenuza tomato kufunafuna timabowo ting'onoting'ono pafupi ndi phesi, chizindikiro cha kambozi kotchedwa Tuta absoluta kamene kanasautsa alimi kuno kuyambira 2016. Tomato wobooledwa amaoneka bwino lero, mawa wavunda ndipo wavunditsa anzake. Amakonda mtundu wa Tengeru chifukwa ndi wolimba khungu ndipo umapirira pa thebulo. Amafunanso bokosi losakaniza, ofiira ndi ongoyamba kupsa, kuti asapse onse tsiku limodzi.

Tili m'minibasi, bokosi lili pa miyendo yathu, anandiwerengetsa masamu amene ndinayenera kuwafunsa pa tsiku loyamba. Bokosi tinagula K300. Wa wilibala K15. Minibasi, iwo ndi katundu, kupita ndi kubwera, K30. Msonkho wa pa marikete K5, mapulasitiki K10. Zonse pamodzi K360 asanagulitse kanthu. Titafika tinakhuthula ndi kuwerenga: matimati 230. Ophwanyika a pansi anali 15. Ena 15 amapita pa mbasela, chifukwa kasitomala wosapatsidwa mbasela sabweranso. Otsala 200, pa milu ya anayi anayi, ndi milu 50. Pa K10 mulu, bokosi lonse limabweretsa K500, phindu K140.

Koma K140 imeneyo imakhalapo ngati milu yonse 50 yapita pa K10. Nthawi zambiri tsiku loyamba ndi lachiwiri amagulitsa milu 30, ndipo pofika tsiku lachitatu pamatsala 20 yofewa. Akaigulitsa pa K5, bokosi labweretsa K400, phindu latsika kufika K40. Ikavunda osagulidwa, labweretsa K300 chabe, ndiye kuti ataya K60 ya mpamba, ndipo ulendo wotsatira ku Soweto apita ndi ndalama yosakwana bokosi. Mpamba umenewo unachokera ku chilimba, ndipo chilimba sichimva zoti kunatentha.

Apa ndi pomwe ndinamvetsa ntchito yanga. Matimati a tsiku loyamba safuna thandizo, amadzigulitsa okha kwa aliyense wodutsa. Nkhondo ili pa milu 20 ija. Sitetasi iyenera kuchita ziwiri: kukoka anthu msanga kuti milu yotsala ichepe, ndi kupezera matimati ofewa munthu amene akufunadi ofewa. Ndipo anthu otero alipo. Wophika supu ya nyemba, wa kapenta, wa lesitilanti amene akufuna msuzi wa mphika waukulu, onsewa tomato wofewa amawakomera kuposa wolimba, poti amasungunuka msanga ndipo ndi wotchipa. Mayi wa pakona uja tikanamuuza zoona Lachitatu lija, akanapita ku Soweto kukagula a saladi, mwinanso n'kutuma mtsikana kudzatenga ofewa athu a msuzi.

Ndinasiya kulemba motsata masiku a sabata. Ndinayamba kulemba motsata moyo wa bokosi. Masitetasi anakhala atatu, ozungulira, ndipo m'mawa amayi ankangondiuza kuti tili pa tsiku liti ndi mtengo wake.

Ya tsiku loyamba inkamveka chonchi:

"Lolemba. Bokosi latsika manje manje kuchoka ku Soweto. Olimba, a saladi na osunga. Anayi K10. Anyezi atatu K5. Mzere wachiwiri, pafupi na a malasha, mpaka 18:00."

Ya tsiku lachiwiri:

"Lachiwiri. Matimati a dzulo, lero apsa bwino, ofiira. Anayi K10, mbasela ilipo. Olimba atsala milu 8 chabe, amene afuna anene ndisunge. Anyezi atatu K5."

Ya tsiku lachitatu:

"Lachitatu. Ofewa a supu, osavunda, ndasankha ndekha. Mulu K5, kabeseni K30. A malesitilanti bwerani m'mawa. A saladi lero musabwere, bokosi latsopano ni mawa."

Mzere womalizawo tinakangana nawo. Ine ndinkaona ngati kuthamangitsa kasitomala. Ku wailesi sindinamvepo wamalonda akulipira kuti tiuze anthu kuti asabwere. Amayi anati ulembe. Ndipo mzere umenewo ndi umene anthu anayamba kuutchula pa thebulo, akuseka: "Amai, lero ni tsiku lobwera kapena losabwera?" Munthu amene wakuuza yekha kuti lero usabwere, mawa akanena kuti olimba afika umanyamuka osafunsa. Mawu oti "fuleshi" tinawaletsa pa masiku ena onse kupatula loyamba, ndipo ngakhale pa tsiku loyamba tinkakonda kunena chimene munthu angachiyese ndi chala: olimba.

Nambala ya milu yotsala nayonso iyenera kukhala yoona. Tikalemba kuti yatsala 8, amayi amakhala atawerenga. Kulemba kuti "atsala pang'ono" tsiku lililonse kumagwira ntchito sabata imodzi, kenaka anthu amaona thebulo lodzaza n'kudziwa kuti ndi nyimbo chabe.

Anyezi ndi nkhani ina, yofatsa. Anyezi wouma bwino amakhala milungu ingapo ngati ali pouma ndi popita mphepo, ndiye amayi amagula thumba limodzi n'kumatapamo pang'onopang'ono. Safuna sitetasi yakeyake. Ntchito yake ndi kukhala mzere wosasintha pansi pa matimati, kuti munthu adziwe kuti akabwera apeza zonse za mphika pamalo amodzi. Amakwera pamwamba pa sitetasi pa zifukwa ziwiri zokha. China ndi pamene matimati adula kwambiri moti amayi sanaode: pamenepo timalemba zoona, kuti lero bokosi lakwera, matimati kulibe, koma anyezi alipo. China ndi pamene thumba layamba kumera kapena kufewa m'khosi, makamaka nyengo ya chinyezi, ndipo liyenera kutha msanga: pamenepo timaonjezera mmodzi pa mulu, anayi K5, n'kunena chifukwa chake.

Mwaona kuti sitetasi iliyonse ikuyamba ndi dzina la tsiku. Izi tinaziphunzira ndi kamkangano kena kakang'ono. Sitetasi imakhala maola 24. Imene mwaika 06:30 Lachitatu ikali pomwepo 06:00 Lachinayi, ndipo ngati mwachedwa kuika yatsopano, munthu wodzuka m'mamawa amaona "Mulu K5" n'kubwera ndi K5 yake pa bokosi latsopano la K10. WhatsApp imaonetsa nthawi imene sitetasi inaikidwa, koma ndi tizilembo tating'ono pamwamba timene palibe amene amatiwerenga. Ndiye tinayamba kulemba tsiku ndi zilembo zazikulu, ndipo amayi akamatseka thebulo madzulo amafufuta sitetasi ya tsikulo. Poyamba ankakana kufufuta, ati anthu ena sanaone. Ndinawauza kuti woona 21:00 sagula kanthu, amangosunga mtengo wolakwika m'mutu.

Nthawi yoikira tinaipeza poyesa. Ikapita isanakwane 07:00 imapeza anthu akali kunyumba, asanatume mwana kapena wantchito ku marikete, ndiponso a malesitilanti asanagule za nkhomaliro. Tsiku lachitatu lokha timaikanso yachiwiri cha m'ma 16:00, ya anthu oweruka: "Yatsala milu 6 ya K5, tengani yonse K25." Kupitirira pamenepo ayi. Munthu woika masitetasi khumi pa tsiku anzake amamutsekera kuti asamaonekenso pamwamba, ndipo iye sadziwa n'komwe. M'chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba ndipo magetsi akuzima maola ambiri, vuto linali batire. Foni ikafa usiku, m'mawa kulibe sitetasi. Amayi anapangana ndi mnyamata wa kabutu ka mobailo mane amene ali ndi sola, ankaisiya pa chaji masana, n'kuizimitsa usiku kuti idzuke ndi moyo.

Kachizindikiro ka diso kaja kamanyenga, ndipo ndinatenga nthawi kuti ndisiye kukapembedza. Kamasonyeza amene atsegula, osati amene awerenga, poti ambiri amangogogoda kuti adutse. Komanso amene anazimitsa Read receipts pa foni yawo saoneka pa mndandanda ngakhale ataona. Muyeso umene amayi amaukhulupirira ndi wina: ndi milu ingati imene yafika tsiku lachitatu, ndipo mwa iyo ingati yapita ku dzala. Tisanayambe, inkafika pafupifupi 20 ndipo ina inkatayidwa. Patapita miyezi inkafika 10 kapena 12, ndipo kawirikawiri inkatha isanakwane 11:00, poti a malesitilanti awiri anazolowera kudikira tsiku la K5. Pa bokosi limodzi kusiyana kwake ndi K40 kapena K50. Si ndalama yomangira nyumba. Koma pa mabokosi awiri kapena atatu pa sabata, ndi ndalama imene imalipira chilimba popanda kukhudza mpamba.

Sindinganene kuti zonse zinali zokoma. Mawu oti "anene ndisunge" anabweretsa anthu osungitsa milu osabwera, tomato n'kufewera munthu amene ali ku tauni. Lamulo linakhala lakuti kusunga kumatha 12:00, pokhapokha ngati watumiza ndalama pa foni. Ena anaona kuti popeza tsopano amacheza ndi amayi pa WhatsApp, akhoza kupempha nkhongole ali kunyumba, chinthu chimene pamaso akanachita nacho manyazi. Amayi sayankha mauthenga otero. Amati anali otanganidwa.

Chovuta kwambiri chinali cha mnzawo wa thebulo loyandikana, amenenso amagulitsa matimati. Anali pa mndandanda wa oona tsiku lililonse, woyamba nthawi zina. Sabata ina tinaona kuti tikalemba anayi K10, iye waunjika asanu. Ndinakwiya, ndipo ndinawaonetsa amayi kuti mu Status privacy muli posankha My contacts except... pomwe akhoza kumuchotsa mayiyo osadziwa. Anandilanda foni. "Uyu ndiye amandiyang'anira thebulo ndikapita ku chimbudzi. Mwana wanga atadwala anandigulitsira masiku anayi, ndalama yonse ndinaipeza. Ndimubise mtengo umene akuumva ndi makutu ake ndikamauza kasitomala?" Anapita kukalankhula naye okha. Zimene anagwirizana sindinazimve zonse, koma kuyambira pamenepo amasinthana masiku opita ku Soweto, kuti wina akakhala ndi ofewa mnzake akhale ndi olimba. Sitetasi ya tsiku lachitatu inasintha mzere womaliza: "A saladi pitani pa thebulo la anzanga pambali panga." Ine ndi satifiketi yanga ya ku koleji sindikanaganiza zimenezo.

Mayi wa lesitilanti anabweranso pa sabata yachinayi, tsiku la K5. Anatenga kabeseni, nagwira tomato mmodzi mmodzi pamaso pa amayi, osalankhula. Anapeza mmodzi wovunda pansi, anamuika pambali, amayi anamusinthira ndi awiri. Za Lachitatu lija sanazitchulepo mpaka lero, ndipo oda zake za saladi amakagulabe ku Soweto.

Ntchito inandithera mosayembekezera. Tsiku lina ndinagona ku wailesi ndipo foni yanga inazima. Nditaiyatsa cha m'ma 08:00 ndili ndi mantha, ndinapeza kuti sitetasi ilipo kale, koma si ya mawu olemba. Mdzukulu wawo anali atawaonetsa kachizindikiro ka maikolofoni, ndipo anajambula liwu lawo ali m'minibasi, kondakitala akukuwa kumbuyo: "Ni Lachisanu, bokosi latsika, olimba, anayi teni kwacha, anyezi atatu faifi, bwerani." Masekondi asanu ndi anayi. Ndinawerenga pa zala: tsiku, katundu, mtengo, kuchuluka. Anangoiwala malo ndi nthawi yotsekera.

Ndinawaimbira kuti ndiwauze zimenezo. Anati aliyense amadziwa pomwe amakhala, ndipo ngati ndikufuna kuthandiza ndibwere Loweruka ndidzanyamule bokosi, poti wa wilibala wakweza kufika K20.